Ndinayambiranso kulipira, nanga bwanji ngongole ya firiji ikukwerabe?

Funso: "Ndinatenga firiji pangongole ku sitolo ina mu Febuluwale kuti ndizigulitsa mafirizi ndi zakumwa. Ndinapereka dipoziti ya K150,000, ndipo tinagwirizana kuti ndizipereka K60,000 pa 5 mwezi uliwonse kwa miyezi 12. Miyezi inayi yoyamba ndinalipira bwino. Mu Juni, Julaye ndi Ogasiti malonda anaima chifukwa cha kuzizira, mwana anadwalanso, ndiye sindinapereke kalikonse. Mu Seputembala ndi Okutobala ndapereka K60,000 mwezi uliwonse. Ine ndimadziwa kuti ndatsalira ndi K180,000, koma iwo akuti ndi K264,337. Pepala lawo likunena za chindapusa cha 10 peresenti pamwezi. Kodi 10 peresenti ingafike pamenepo? Akundibera, kapena?" Mayi wa ku Ndirande

Yankho: Mayi, pepani ndi matenda a mwana, ndikhulupirira pano ali bwino. Mtima ukhale m'malo, chifukwa pamene mwafikapa nkhaniyi ikadali yotheka kuikonza, ndipo mwachita bwino kufunsa mu Okutobala muno dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene firijiyo ikubweretsa ndalama. Ndagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yotolera ngongole zamtunduwu, ndipo ambiri amene ankabwera akulira patebulo langa sanali anthu ozemba ngongole ayi. Anali anthu ngati inu, amene anadumpha miyezi iwiri kapena itatu, n'kuyambiranso kulipira, akuganiza kuti chindapusa chinaima tsiku limene anayambiranso. Sichiima. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Ndatenga cholembera n'kuwerengera ndekha, ndipo K264,337 yatuluka ndendende. Choncho sanalakwitse masamu. Ngati ali ndi ufulu wowerengera motere ndi funso lina, tilifikira. Poyamba tione mmene chiwerengerochi chinabadwira.

Chimene achita n'chakuti mwezi uliwonse, tsiku lolipira likadutsa, akuyang'ana ndalama zonse zimene mwatsalira nazo, kuphatikizapo chindapusa cha miyezi yam'mbuyo, n'kuwonjezerapo K10 pa K100 iliyonse. Mu Juni munatsalira ndi K60,000, anaikapo K6,000, zinakhala K66,000. Mu Julaye panabwera K60,000 ina, zonse pamodzi K126,000, ndipo chindapusa cha mwezi umenewo sichinalinso K6,000 koma K12,600. Mu Ogasiti panabweranso K60,000 yachitatu, chindapusa chinafika K19,860, moti mwezi wa Ogasiti unatha muli ndi K218,460. Onani kuti miyezi itatu sinabale chindapusa chofanana katatu. Mwezi wachitatu wokha unabala choposa cha miyezi iwiri yoyamba mutachiphatikiza.

Tsopano pamene pakukupwetekani ndi apa. Mu Seputembala munapereka K60,000, koma mwezi womwewo unabweranso ndi K60,000 yake yofunika kulipira. Ndalama yanu inangotseka dzenje latsopanolo, dzenje lakale la K218,460 linatsala chikhalire, ndipo anaikaponso 10 peresenti, imene ndi K21,846. Mu Okutobala chimodzimodzi: munapereka, koma zakale zinabalanso K24,031. Mukaphatikiza mupeza K264,337 ija. Miyezi iwiri imene inu munkaona kuti mwabwerera m'chimake ndi imene yakudyerani zambiri, K45,877, kuposa miyezi itatu imene simunalipire n'komwe, imene inabala K38,460.

Pali njira ina yoonera zomwezi imene ine ndimaikonda pofotokozera anthu, chifukwa imaonetsa kuti chokwera mtengo si kudumpha mwezi koma kutalika kwa nthawi imene mweziwo wakhala osalipiridwa. Tengani mwezi uliwonse paokha ngati mbuzi imene ikuswa, ana ake nawonso n'kumaswa. K60,000 ya Juni yaswa kasanu, pano ndi K96,631. Ya Julaye yaswa kanayi, ndi K87,846. Ya Ogasiti yaswa katatu, ndi K79,860. Ziphatikizeni zitatuzo muone. N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti mwezi wovuta usamadutse wopanda kanthu. Mukanakwanitsa kupereka theka lokha, K30,000, m'miyezi itatu ija, chindapusa chanu lero chikanakhalanso theka, cha m'ma K42,000 m'malo mwa K84,337. Ambiri amachita manyazi kupita ndi ndalama yosakwana, amati ndidikire ikwane kaye. Kudikirako n'kumene kumadula. Sindikunena izi kuti ndikudzudzuleni, mwana akadwala ndalama imapita kuchipatala basi, koma kuti mudziwe zochita Juni wa chaka chamawa akadzafika.

Tibwere ku funso lakuti ali ndi ufulu kapena ayi. Yankho lili m'pepala limene munasaina, ndipo mawu akuti "10 peresenti pamwezi" paokha sakwanira. Muyenera kupeza kuti 10 peresentiyo ndi ya chiyani. Masitolo ndi mabungwe obwereketsa amawerengera mosiyana, ndipo pa nkhani yanu yomweyi kusiyanako n'kwakukulu. Ena amalipiritsa kamodzi kokha pa mwezi uliwonse umene wadumphidwa. Kukanakhala kotero, mukanalipira K6,000 katatu, K18,000, nkhani n'kuthera pomwepo, ngongole yotsalira K198,000. Ena amalipiritsa mwezi ndi mwezi, koma pa ndalama zenizeni zimene munadumpha zokha, osakhudza chindapusa chakale. Pamenepo mukanakhala ndi K252,000. Anu atenga njira yolemera kuposa zonse, yoika chindapusa pamwamba pa chindapusa. Ngati pepala likunena momveka kuti chindapusa chiziwerengedwa pa ndalama zonse zotsala kuphatikizapo chindapusa chakale, achita zimene munagwirizana. Koma ngati likungonena za ndalama ya pamwezi imene yachedwa, ndiye kuti pali K12,337 imene mungaikane nthawi yomweyo, ndipo ngati silikunena n'komwe kuti chindapusa chizibwerezedwa mwezi uliwonse, mkangano wanu ndi wa K66,337.

Nthawi zambiri mapepalawa amalembedwa m'Chingerezi, m'zilembo zing'onozing'ono kumbuyo. Musadalire wa pakauntala kuti akumasulireni. Si kuti onse ndi achinyengo, koma ambiri mwa iwo sanawerengepo kumbuyoko, amangonena zimene kompyuta yatulutsa. Pezani munthu wanu wodziwa kuwerenga bwino, mphunzitsi kapena wina wogwira ntchito yowerengera ndalama, mukhale naye pansi.

Mukamawerenga, muyang'anenso chiganizo china chimene anthu sachilabadira, chonena za kumene ndalama yanu imayambira kupita mukalipira. Mapepala ambiri amati ndalama iyambe yalipira chindapusa ndi zolipiritsa zina, yotsalayo ndiye ipite ku ngongole yeniyeni. Zimamveka ngati nkhani ya m'mabuku mwawo, koma zimakhudza thumba lanu. Tiyerekeze kuti pepala lanu likuletsa chindapusa pamwamba pa chindapusa, koma likulola kuti ayambe atenga chindapusa. K60,000 yanu ya Seputembala ikanayamba yachotsedwa K36,000 ya chindapusa, n'kutsala K24,000 yokha yopita ku firiji. Ndiye kuti mwezi wa Seputembala nawonso ukanaoneka wosakwana, n'kuyamba kubala chindapusa chake. Ndawerengera njira imeneyi, ikufika K261,360, pafupifupi pomwe pali chiwerengero chawo. Choncho mukapambana mkangano woyamba uja musafulumire kusangalala musanaone chiganizo ichi. Pokambirana nawo, pemphani kuti zimene muzipereka ziziyamba zapita ku miyezi yodumphidwa, chindapusa chidikire kumapeto.

Musanapite kukakambirana, apempheni sitetimenti yonse kuyambira Febuluwale, yoonetsa tsiku lililonse limene ndalama inalowa ndi tsiku lililonse limene chindapusa chinaikidwa. Musalole kungouzidwa chiwerengero pakamwa kapena kulemberedwa pa kapepala. Kenako muiyerekeze ndi malisiti anu, kapena mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba ngati mumalipira pafoni. Ndikukumbuka bambo wina wa njinga yamoto amene ankatumiza ndalama pa 4 madzulo mwezi uliwonse, koma kalaliki wathu ankazilowetsa m'buku pa 6 kapena pa 7, ndipo makina ankamuika chindapusa ngati wochedwa. Zinatenga miyezi isanu kuti zidziwike, ndipo zinadziwika chifukwa bamboyo sankafufuta mauthenga pafoni. Kwa inu masamu agwirizana, moti sindikuyembekezera cholakwika chotero, koma sitetimenti idzakuonetsaninso ngati ayamba kuikamo zina monga ndalama ya kalata yokukumbutsani kapena ya ulendo wa wotolera ngongole. Zimenezo zikalowa m'gulu la zotsalira, nazonso zimayamba kuswa.

Tsopano ndikuuzeni chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri, chimene ndi kutsogoloku. Mukapitiriza kupereka K60,000 yokha, Novembala adzatha muli ndi K290,771, Disembala K319,848, ndipo mu Januwale, mwezi umene mgwirizano unayenera kutha, mudzakhala muli ndi ngongole ya K351,833. Kuchokera pamenepo sipadzakhalanso ndalama yatsopano ya pamwezi, choncho K60,000 yanu idzayamba kugwetsa ngongole, koma pang'onopang'ono, chifukwa mwezi woyamba pafupifupi theka lidzabwereranso ngati chindapusa. Mudzamaliza mu Seputembala chaka chamawa, mutadutsanso nyengo ina yozizira, ndipo pa miyezi itatu ya K180,000 mudzakhala mutapereka pafupifupi K480,000. Ndalama iliyonse imene ikukwera ndi 10 peresenti pamwezi motere imapitirira katatu pakutha pa chaka. Kunena zoona, ine chindapusa chotere ndimachiona kuti n'cholemera mopitirira muyeso, makamaka poganizira kuti mtengo wa K870,000 umene munagwirizana uli kale ndi phindu lawo la kukudikirani. Koma maganizo angawa sangachotse dzina lanu pa pepala, ndiye tiyeni tione zochita.

Chiwerengero choti muchisunge m'mutu ndi K84,000. Mu Novembala, imeneyo ndi ndalama yongoimitsa ngongole kuti isakwere, osatsika n'komwe. Chilichonse chochepera apo, ngongole ikukwera ngakhale mwalipira. Chilichonse choposa apo, yayamba kutsika. Mutakwanitsa K120,000 pamwezi m'nyengo yotenthayi, Januwale angathe muli ndi K133,373, Febuluwale n'kutsala ndi ya m'ma K14,700, Malichi n'kumaliza. Ndikudziwa kuti K120,000 si masewera pa malonda a mafirizi, magetsi akuzimazimanso. Koma ndalama iliyonse yapadera imene mungaipeze, iponyeni kumeneku msanga, ndipo muiponye tsiku loika chindapusa lisanafike. K50,000 yoperekedwa pa 4 ndi yoperekedwa pa 7 zimasiyana ndi K5,000, ndipo K5,000 imeneyo nayo imaswa.

Komabe njira imene ndingakonde muyambe nayo ndi kukambirana, chifukwa ndi yokhayo imene ingachotse ndalama zambiri popanda inu kutuluka thukuta lowonjezera. Musakambirane ndi wa pakauntala kapena mnyamata amene amakuimbirani foni, iwo alibe mphamvu yochotsa ngakhale tambala. Funsani woyang'anira za ngongole kapena bwana wa nthambiyo. Pitani ndi ndalama m'manja, ngakhale K100,000, ndi malisiti anu onse, ndi mapepala a kuchipatala ngati alipo. Muli ndi pokambira: mwapereka kale K510,000 pa K870,000, munalipira miyezi inayi osaphonya, ndipo munabwerera nokha osakokedwa. Munthu wotere sitolo siifuna kumutaya. Kulanda firiji kumawadyera ndalama ya galimoto ndi anyamata onyamula, ndipo firiji yogwiritsidwa kale ntchito amakaigulitsa motchipa. Kwa zaka zanga zonse ndinaona kuti ndalama yeniyeni ya katundu abwana sankaisiya, koma chindapusa ankachidula kawirikawiri, nthawi zina theka, nthawi zina chonse, kwa munthu amene wabwera yekha ndi ndondomeko yomveka.

Choyamba kupempha n'chakuti chindapusa chiime pamene chafika, chisakwerenso malinga ngati mukusunga lonjezo latsopano. Ichi n'chofunika kuposa kudula chakale, chifukwa mwaona nokha kuti chakutsogolo n'chachikulu kuposa cham'mbuyo. Chikatheka chimenecho, pemphani kuti miyezi itatu ija aisunthire kumapeto, kuti Juni, Julaye ndi Ogasiti akhale Febuluwale, Malichi ndi Epulo, ndipo buku lanu lisaonekenso ngati lotsalira. Kudula K84,337 kubwere pomaliza. Akakana kuchotsa yonse, apempheni awerengere ngati chindapusa cha kamodzi, K18,000 ija, kapena mukumane pakati. Ndipo musalonjeze ndalama imene mukudziwa kuti simungaikwanitse pofuna kuwasangalatsa. Mapangano achiwiriwa nthawi zambiri amakhala ndi mawu akuti mukaphonyanso kamodzi, zonse zimene anachotsa zibwerera. Kuli bwino kulonjeza K90,000 n'kumapereka K100,000.

Chilichonse chimene mwagwirizana chilembedwe, asaine, adinde chidindo, inu mutenge pepala lanu. Abwana amasamutsidwa, ndipo wobwerayo amakhulupirira kompyuta. Patapita mwezi mukatengenso sitetimenti kuti muone ngati makinawo asiyadi kuika chindapusa, chifukwa ndaonapo mgwirizano uli m'fayilo koma makina akupitiriza kuwerengera ngati kale.

Za kukongola kwina kuti mutseke uku, lamulo lake ndi losavuta: ngongole yatsopanoyo ikhale yotsika kuposa 10 peresenti pamwezi, apo ayi mwangosintha mwini ngongole n'kuwonjezera katundu. Katapila ndiye ayi, musayandikireko n'komwe. Banki mkhonde muyambe mwafunsa chiwongoladzanja cha gulu lanu. Magulu ambiri amaika 20 peresenti pamwezi, ndipo ngakhale gawo lina limadzabwerera kwa inu pogawana, pa miyezi imene mukubweza ndi yolemera kuposa chindapusa cha sitoloyi. Chimene chingakuthandizeni kwenikweni ndi chipereganyu, ngati muli m'gulu lotero: apempheni anzanu kuti mulandire msanga, mwezi uno kapena wamawa, popeza kumeneko kulibe chiwongoladzanja. M'bale amene angakubwerekeni popanda phindu ndi chimodzimodzi. Koma mpamba wa bizinesi musaukhudze wonse. Firiji yopanda shuga, timapepala ta mafirizi ndi mayunitsi a magetsi siingalipire ngongole yake.

Pali zoopsa ziwiri zimene muyenera kuzidziwa. Pa mgwirizano wambiri wogula katundu molipira pang'onopang'ono, katunduyo amakhalabe wa sitolo mpaka mutapereka ndalama yomaliza. Ndiye musaigulitse firijiyo, musaipereke chikole kwa wina, ndipo musaisamutsire kwa achibale kuti ibisale. Nkhani ya ngongole ingasanduke mlandu wina woipa kuposa pamenepa. Chachiwiri, mapepala ambiri ali ndi mawu akuti mukatsalira miyezi yakutiyakuti, kawirikawiri iwiri kapena itatu, ndalama yonse yotsala ifunika nthawi imodzi. Kwa inu zingatanthauze K264,337 kuphatikizapo K180,000 ya Novembala, Disembala ndi Januwale, zonse K444,337, ndipo akatero 10 peresenti ingayambe kuwerengedwa pa mulu wonsewo. Poti sanatero mpaka pano, ndiye kuti akukuonanibe ngati kasitomala woti asungidwe. Mwayi umenewu ugwiritseni ntchito mwezi uno.

Mukalandira kalata yochokera kwa loya wawo, kapena yonena tsiku lodzatenga firiji, kapena samani ya kukhoti, musaiike pansi pa matiresi. Pitani nayo ku Legal Aid Bureau, amene amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, pamodzi ndi mgwirizano ndi malisiti. Dziko lathu lili ndi malamulo okhudza kugula katundu motere, ndipo wodziwa malamulo ndi amene angakuuzeni mmene akukhudzira pepala lanu ndi njira imene sitolo iyenera kutsata isanalande katundu. Anthu akangofika pakhomo, afunseni zikalata zowadziwikitsa ndi pepala lowapatsa mphamvu yotenga katundu, musalimbane nawo, ndipo musasaine chilichonse chimene simunachimve. Ngati sitolo ikukana kukupatsani sitetimenti kapena kope la mgwirizano, kapena ikulipiritsa zimene sizinalembedwe, kadandauleni ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loona madandaulo a ogula, ndipo a Consumers Association of Malawi nawonso angakulangizeni. Muonenso dzina limene lili pamwamba pa mgwirizano. Nthawi zina sitolo imangopereka katundu, koma ngongole ndi ya bungwe lobwereketsa ndalama. Zikakhala choncho, dandaulo limene lakanika kumeneko limapita ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira mabungwe oterowo, ndipo kutsalira kwanu kungathe kulembedwa ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, zomwe zingadzakuvutitseni podzafuna ngongole ku banki.

Pa 5 Novembala chindapusa china cha m'ma K26,000 chikudikira ngati mupereka K60,000 yokha. Sabata ino katengeni sitetimenti, pezani wokuwerengerani pepala lija, ndipo mukaonane ndi abwanawo tsikulo lisanafike. Mukabwerako mundilemberenso mawu enieni amene ali pa chiganizo cha chindapusa ndi zimene akuyankhani, tidzawerengerenso limodzi.